Munda wa Bambo pa Chingwe

Kuyambira ali khanda ankangomutchula kuti Mzime, poti ndiye anali wotsiriza kubadwa, ndipo dzinalo linamukanirira mpaka atamera ndevu n'kubereka mwana wakewake. Anabadwa atatu. Oyamba anali achimwene ake, amene ankayendetsa lole m'tauni. Achiwiri anali achemwali ake, atelala, amene makina awo ankakhala pakhonde la sitolo ina kumsika. Awiriwa anachoka pakhomo kalekale. Mzime ndiye anatsala ndi khasu, ndipo kuchokera chaka chimene bambo awo anafa mwendo ndi dzanja la kumanja, munda wonse ankaulima yekha ndi mkazi wake. Zinali zitakwana zaka zisanu ndi ziwiri.

Tsiku lina atangomaliza kukolola, bambowo anamuitanira kuchipinda kwawo. Chinali chipinda cha zenera limodzi, chonunkha mafuta opaka m'miyendo, ndipo pansi pa bedi panali beseni ndi nsapato zimene sankavalanso.

"Khala apo," anatero. Pakamwa pawo panali popotoka, mawu ankatuluka mokoka. "Ndikufuna ugawe munda uja patatu ndikadali ndi maso. Ndikapita musanagawane, mudzalumana makutu."

"Bambo, ndigawe ine? Si achimwene kodi oyenera?"

"Mkulu wako amadziwa mseu, sadziwa munda. Maekala anayi aja ndiwe ukudziwa pamene ayambira ndi pamene athera."

Mzime anayang'ana zikhatho zake. Ankadziwa kuti tsikuli lidzafika, koma sanaganizepo kuti mpeni wodulira adzaupereka kwa iyeyo.

Tepi ya opima malo analibe, ndipo sankadziwa aliyense woti angamubwereke. Chimene anali nacho ndi chingwe cha khonje chimene ankamangira katundu pangolo, ndi nzeru pang'ono zimene anatola chilimwe china akugwira ntchito kwa mmisiri womanga nyumba. Anatumiza mawu kwa abale ake. Achimwene anayankha kuti adzabwera Loweruka, ayambepo. Achemwali anafika Lachitatu m'mawa, tepi yawo yoyezera zovala ili m'khosi ngati mmene amakhalira kuntchito.

"Ndatseka makina masiku atatu chifukwa cha iwe," anatero akutsitsa chikwama. "Anthu a madiresi awo andidya wamoyo."

Tepiyo inali ya mita imodzi ndi theka basi. Mzime anadula ndodo yowongoka, n'kuisema mpaka inakwana mita imodzi ndendende pa tepiyo. Kenako anayala chingwe pabwalo n'kuyamba kuchiyeza ndi ndodo ija. Achemwali anati azimanga mfundo pa mita iliyonse, koma iye anakana, chifukwa mfundo imadya chingwe. Ukamanga makumi awiri, chafupika ndi mkono wonse. M'malo mwake ankapotokola chingwecho pang'ono n'kulowetsa kansanza pakati pa ulusi wake. Nsanza zinachokera m'chikwama cha achemwali: zoyera pa mita iliyonse, zofiira pa mamita asanu aliwonse. Atakwana mamita makumi awiri anakhoma zikhomo ziwiri pabwalo pomwepo, china kumapeto uku, china uko.

"Nanga izi n'zachiyani?"

"Mboni," anatero Mzime. "Chingwe chimanama, achemwali. Mukachikoka kwambiri chimatalika, chikanyowa chimafupika. Zikhomo sizisuntha. Tsiku lililonse tisanapite kumunda tizichifunsa kaye apa."

Anadikira mame aume, n'kupita. Mundawo unayambira kumseu n'kutsetserekera pang'onopang'ono kukamtsinje. Mbali ya kumanzere inali yowongoka, yotsata mzere wa mitengo imene bambo awo anadzala. Mbali ya kumanja inkapita mopendekera, kulowa m'kati, moti kumseu munda unali wotambalala koma kumtsinje unali wopanikizika. Chakumtunda kwa mbali yopendekerayo kunali thanthwe, mwala waukulu wafulati umene khasu silinkaugunda n'komwe.

Anayambira kumseu. Achemwali ankagwira nsonga pachikhomo, Mzime n'kuyenda ndi nsonga inayo, kukoka mpaka chingwe chileke kugwa mimba, kukhoma chikhomo, n'kuponya kamwala m'thumba kuti asaiwale chiwerengero. Atafika kumalire m'thumba munali timiyala tisanu ndi kamodzi. Zingwe zisanu ndi chimodzi.

Kutsika kumtsinje ndiko kunavuta. Mzime ankadziwa kuti ukangotsika mwachisawawa umakhota osadziwa, ndipo mzere wokhota umatalika. Pangodya ya kumanzere anachita zimene ankachita mmisiri uja poyala maziko. Anayeza mamita atatu motsata mseu n'kukhoma chikhomo. Kuchokera pangodya anatenga mamita anayi kulozera kumtsinje, ndipo kuchokera pachikhomo chija anatenga mamita asanu. Pamene nsanza ziwirizo zinakumana anakhomapo china.

"Atatu, anayi, asanu. Zikakumana chonchi ndiye kuti ngodya yakhala bwino, ngati ya chitseko."

"Ifenso timatero podula nsalu," anatero achemwali. "Kungoti ife timangopinda."

Anazika ndodo yaitali pangodya, ina pachikhomo chatsopanocho. Achemwali anaima kumbuyo kwake atatsinzina diso limodzi, n'kumamukuwira Mzime amene anali kutali ndi ndodo yachitatu: "Kumanja pang'ono! Wapitirira! Bwerera! Basi pomwepo!" Ndodo zitatu zikabisana, mzere wawongoka. Anatero mpaka kumtsinje, mapesi akuwakala m'miyendo, chisoso chitadzaza siketi ya achemwali. Zinakwana zingwe zisanu. Mbali ya kumtsinje inakwana zingwe zitatu.

Mawa lake anabwerera kumseu, n'kuwerenga zingwe zitatu kuchokera pangodya ija, n'kutsitsanso mzere wina wowongoka. Unakagwera pangodya ya kumanja ya kumtsinje, ndipo nawonso unali zingwe zisanu. Apa Mzime anakhala pansi pamthunzi n'kujambula padothi ndi kamtengo. Munda unali utadzionetsa wokha: chigawo cha ngodya zinayi, zingwe zitatu m'lifupi ndi zisanu m'litali, ndi china cha ngodya zitatu chomata pambali pake, chotambalala zingwe zitatu kumseu n'kukathera pansonga kumtsinje.

Malo a chingwe chimodzi uku ndi chimodzi uku anawatcha bwalo. Chigawo choyamba chinali ndi mabwalo khumi ndi asanu, katatu kasanu. Chachiwiri chinali theka la chimenecho, poti cha ngodya zitatu ndi cha ngodya zinayi chodulidwa pakati mopingasa: asanu ndi awiri ndi theka. Onse pamodzi, makumi awiri ndi awiri ndi theka.

Anafufuta ndi phazi n'kuwerengeranso. Zinatuluka zomwezo.

"Bwanji wangoti zii?" anafunsa achemwali akuchotsa chisoso.

"Ekala imodzi ndi mabwalo khumi ndi kachidutswa. Maekala anayi akanakhala makumi anayi. Apa pali maekala awiri ndi pang'ono chabe."

Achemwali anasiya chisoso chija. "Achimwene ako ukawauza ndiwe. Ine ndilibe pakamwa."

Achimwene anafika Loweruka masana, atavala jekete ngakhale kunali kotentha, makiyi a lole akulira m'chiuno. Analowa kukaona bambo, n'kutuluka, n'kukhala pampando wokhawo wa pakhonde. Mzime atawafotokozera, iwo anaseka kuseka kosafika m'maso.

"Iwe, munda umafota ngati malaya? Tonsefe takula tikumva maekala anayi. Awiri enawo wawaika m'thumba?"

"Achimwene, tiyeni mukaone nokha malire. Ali pomwe anali."

"Ndikaona. Ndipo chingwecho ndigwira ndekha."

M'mawa kutangocha, Mzime akukama mbuzi, anaona achimwene akutsika ndi chingwe paphewa, achemwali akuwatsata monyinyirika. Anachikoka m'udzu wonyowa wa m'mbali mwa mseu kupita n'kubwerera. Pobwera nkhope yawo inali yowala.

"Zisanu ndi chimodzi, ndi mamita awiri pamwamba! Mbali imodzi yokha wabisa mamita awiri. Nanga zinazo?"

Mzime anatenga chingwecho. Chinali chonyowa, cholemera, cholimba ngati waya. Anachikoleka pachikhomo cha pabwalo n'kuyenda nacho kupita kwa chinzake. Sichinafike. Panatsala mpata wochokera pachigongono mpaka pachikhatho.

"Chamwa mame, chafupika. Kokani nokha muone. Mpata uwu kasanu n'kamodzi, ndi awo mamita anu awiri."

Achimwene anakoka mpaka mitsempha ya m'khosi inaonekera, koma chingwe chinakana. Anachitaya pansi. "Kaya. Komabe maekala awiri sangasowe ngati singano."

Anakalowa onse atatu kuchipinda kuja. Bambo awo anamvetsera maso ali kudenga. Atamaliza, anatseka maso moti achemwali anaganiza kuti agona.

"Sindinayezepo," anatero potsiriza. "Munthu wina wa zaulimi anaima pamseu n'kuyang'ana, n'kuti apa pangakwane maekala atatu kapena anayi. Ine ndinasankha anayi. Pobwera kumunda msana unkavomereza kuti ndi anayi." Anapumira. "Ndiye mwati awiri?"

"Awiri ndi pang'ono, bambo."

"Ndakulerani ndi awiri ndi pang'ono." Sizinadziwike ngati akudzitama kapena akupepesa. Anatembenukira kukhoma. "Gawani zomwe zilipozo."

Anabwerera kumunda dzuwa litakwera. Achimwene anali atakonza kale maganizo awo. Iwo chimene ankafuna ndi mseu.

"N'zosavuta izi. Kumseu kuli zingwe zisanu ndi chimodzi. Aliyense ziwiri, n'kutsika molunjika mpaka kumtsinje. Tatha, ndikagwire basi ya madzulo."

Mzime anajambulanso padothi. "Tikatero, wa kumanzere atenga mabwalo khumi. Wapakati asanu ndi anayi ndi pang'ono. Wa kumanja mzere wake ukagunda malire opendekerawa asanafike n'komwe kumtsinje. Atsala ndi atatu ndi kachidutswa, theka lake thanthwe, madzi osawaona. Ameneyo akhala ndani?"

Achemwali anayang'ana achimwene, achimwene anayang'ana kumseu.

"Nanga iwe ukuti bwanji, poti ndiwe mphunzitsi lero?" anatero achimwene.

"Kumseu tidule patatu, zingwe ziwiriziwiri. Kumtsinje tidulenso patatu, chingwe chimodzichimodzi. Tilumikize chikhomo cha kumtunda ndi chinzake cha kumunsi. Aliyense akhala ndi mseu, aliyense akhala ndi madzi. Ziwiri kumtunda, chimodzi kumunsi, ndiye kuti pakati m'lifupi ndi chimodzi ndi theka. Kasanu, mabwalo asanu ndi awiri ndi theka. Onse chimodzimodzi."

"Chigawo cha kumanja chitalika kuposa zinazo," anatero achimwene. "Mbali yopendekerayo ndaiyenda, yatsala pang'ono kukwana zingwe zisanu ndi chimodzi."

"Yatalika chifukwa yagona chammbali. Kuchokera kumseu kufika kumtsinje ndi zisanu paliponse. Kupendekera sikuwonjezera dothi."

Achemwali ndiwo anakumbutsa za thanthwe. Anati munthu sangapatsidwe mwala n'kumuuza kuti walandira munda. Anapita kukaliyeza: chingwe chimodzi m'lifupi, chimodzi ndi theka m'litali, bwalo limodzi ndi theka. Mzime analichotsa pa chiwerengero chonse. Dothi lolimika linatsala mabwalo makumi awiri ndi limodzi, aliyense asanu ndi awiri. Kuti zitheke, zigawo ziwiri zopanda mwala zinayenera kuchepa ndi theka la bwalo chilichonse. Anawerengera pansi kawiri: kuchotsa mamita awiri m'lifupi, kumtunda ndi kumunsi komwe, pa utali wa zingwe zisanu, ndi theka la bwalo ndendende. Choncho chigawo choyamba ndi chachiwiri chilichonse chinakhala zingwe ziwiri kuchotsapo mamita awiri kumseu, ndi chingwe chimodzi kuchotsapo mamita awiri kumtsinje. Zotsalazo zinapita ku chigawo cha thanthwe.

Achimwene atamva kuti chigawo cha thanthwe chili ndi mamita asanu ndi imodzi kumseu kuposa zinazo, makutu anaima.

"Amene wadula amasankha pomaliza," anatero. "Si ndiye chilungamo chake?"

"Sankhani, achimwene."

"Ine nditenga cha mwalacho. Ndikumvereni chisoni ana inu."

Achemwali anaseka mpaka kutsokomola. "Chisoni chake chokhala ndi mseu wautali chonchi, Mulungu atipatse tonse." Koma sanatsutse. Iwo anasankha cha kumanzere, kufupi ndi mitengo, ati kuti azipeza nkhuni. Mzime anatsala ndi chapakati. Akanasankha yekha akanatenga cha kumanzerecho, chifukwa kumeneko ndiko anathira manyowa a m'khola zaka zitatu zotsatizana, kunyamula pa wilibala mpaka manja kuchita matuza. Chingwe sichiyeza zimenezo. Anatsegula pakamwa kuti anene, koma anaona kuti zikhala nkhani mpaka dzuwa kulowa, ndipo anali atatopa ndi nkhani. Anatola nyundo.

Anakhoma zikhomo zinayi, ziwiri kumseu, ziwiri kumtsinje. Anawongola mizere ndi ndodo zitatu zija, ndipo pa chingwe chilichonse ankakumba kadzenje n'kukwiriramo mwala waukulu, mutu wokha uli kunja, poti chikhomo chiswe chimadya ndipo munthu amatha kuchizula. Achimwene anathandiza miyala iwiri, kenako anayang'ana wotchi n'kunena kuti basi iwasiya. Potsanzika anamugwira Mzime paphewa.

"Usandione ngati woipa, iwe. Maso ayamba kundivuta. Chaka chino kapena chamawa andilanda lole. Ndikufuna poti ndidzaike kakhumbi ndizigulitsa tinthu."

Aka kanali koyamba Mzime kumva zimenezi. Anawayang'ana bwino n'kuona kuti imvi zafika kale m'mbali mwa makutu.

"Muyende bwino, achimwene."

Achemwali anatsala mpaka mwala womaliza. Akusamba m'manja kumtsinje anati, "Changa uzilima ndiwe. Ukakolola uzindipatsa limodzi pa matumba atatu aliwonse. Ndikanakonda kunena kuti usandipatse kanthu, koma ana anga ukuwadziwa kadyedwe kawo."

"Ndamva, achemwali."

"Usati wamva. Unene ngati zakuwawa."

"Zandiwawa. Koma ndilima."

Madzulo amenewo mkazi wake anamufunsa kuti zatha bwanji. Anamulozera ndi dzanja kukula kwa chigawo chawo, n'kunena kuti sichikukwana ngakhale ekala. Mkaziyo anapitiriza kupeta nyemba. Patapita nthawi anati, "Ndiye mbuzi zija tizidyetsa kuti?" Mzime anatuluka panja. Anagona chagada pamphasa pakhonde, miyendo ikuwawa ngati walima tsiku lonse, chonsecho sanagwire khasu.

Bambo awo anakhala ndi moyo mpaka mvula yoyamba basi. Kumunda sanapemphe kuti awanyamule akaone, ndipo palibe anawakakamiza.

Chaka chimenecho achimwene sanabwere kudzalima, ndipo sanalole kuti wina alimepo, kuopa kuti angadzazolowere. Chigawo chawo chinamera udzu wofika m'chiuno. Mizere imene kale inkadutsa munda wonse mopingasa n'kumagwira madzi tsopano inkathera pamiyala ya malire, ndipo mvula ikagwa yamphamvu madzi ochokera pathanthwe ankatsata malirewo n'kuyamba kukumba kangalande m'mbali mwa chimanga cha Mzime. Anatha masiku anayi akutchinga ndi miyala ndi mapesi, pamalo amene sanali akenso. Mbewa za m'tchiremo nazo zinkadya kwa iye.

Tsiku lina akupalira, panaima bambo wina pamseu atatsamira njinga. Anali wa kutsidya kwa mtsinje, wodziwana naye pamaso chabe. Anapereka moni, n'kuyamikira chimanga, n'kudandaula za mvula, kenako n'kufika pa chimene anadzera.

"Tamva kuti munagawa munda wa bambo anu popanda wogwira mnzake pakhosi. Kwathu kwavuta. Mwezi wachitatu uno sitikulankhulana. Mungabwere mudzatiyezere?"

Mzime anaimika khasu n'kupukuta thukuta ndi chipewa.

"Mulipo angati?"

"Asanu ndi mmodzi. Asanu ndi awiri tikawerengera wa kwa mayi ena."

"Muwerengereni. Munda wake waukulu bwanji?"

"Akuti maekala asanu."

"Akuti ndani?"

Bamboyo anakanda kumutu. Mzime anayang'ana mizere imene inatsala, khumi ndi umodzi, ndi mitambo imene inali kusonkhana kumadzulo.

"Ndimalize kaye kupalira," anatero. "Lachiwiri. Mukauze onse akhalepo, ndipo aliyense abwere ndi miyala yake."

Anawerama n'kupitiriza mzere.